Kulemba ndemanga ya buku popanda kuulula mathero ake

Ndemanga zambiri za mabuku zimene zimadutsa m'manja mwanga monga mkonzi zimakhala chidule cha nkhani yonse, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, kenaka chiganizo chimodzi kumapeto chonena kuti buku ili ndi labwino kwa aliyense. Olemba ake sindiwadzudzula kwambiri, chifukwa ndi mmene sukulu inatizoloweza. Pa mayeso a MSCE wophunzira amayenera kusonyeza kuti buku analiwerenga lonse, ndipo wochonga amakhala kuti nkhaniyo akuidziwa kale. Koma wowerenga ndemanga m'nyuzipepala kapena pa foni bukulo sanalione. Ali ndi funso limodzi: kodi nditaye ndalama ndi nthawi yanga pa buku limeneli? Mukamuuza mathero, mwamulanda chimene amafuna kugula. Mukamuuza kuti ndi labwino kwa aliyense, simunamuyankhe.

Tiyerekeze buku limene kulibe, kuti ndisaonongere munthu buku lenileni. Lili ndi masamba 180. Nabanda, mayi wa ana awiri wa ku Ntcheu, mwamuna wake anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo. Ndalama zimabwera mwezi ndi mwezi osaphonya, koma kwa zaka ziwiri tsopano bamboyo salankhula pa foni, amangolemba timauthenga tatifupi. Pa tsamba 30 Nabanda akugulitsa mbuzi, nakwera basi kukamufuna. Pa tsamba 120 akupeza kuti mwamunayo anamwalira kalekale, ndipo amene wakhala akutumiza ndalama ndi kulemba mauthengawo ndi mkazi wina amene bamboyo anakwatira kumeneko. Masamba otsalawo ndi a amayi awiriwa, mmene akukhalirana ndi zimene akugwirizana zokhudza ana.

Kodi wolemba ndemanga alekeze pati? Alekeze pa tsamba 30, pamene Nabanda akukwera basi. Pamenepo funso la buku laima poyera: n'chifukwa chiyani ndalama zikubwera koma mawu ayi? Funsolo ndi limene muli nalo ufulu wopereka kwa owerenga, yankho lake n'la wolemba buku. M'nkhani zaitali zambiri funso lotere limakhala litaoneka musanadutse gawo limodzi mwa magawo anayi a bukulo, kotero muyezo umene ndimapatsa olemba atsopano ndi womwewo: fotokozani malo, nthawi, mpangankhani wamkulu ndi vuto limene lamugwera, ndipo mukafika pamene iye wachitapo kanthu koyamba pa vutolo, siyani kusimba. Mawu a kuchikuto chakumbuyo angakuthandizeni kuona malire, koma musawadalire kwambiri, poti osindikiza ena amaulula zambiri pamenepo pofuna kukopa ogula. Mlembi wa ku America John Updike, amene analemba ndemanga za mabuku zaka zambiri, anaika malamulo ake m'chaka cha 1975, ndipo limodzi mwa iwo linali lakuti kusimba nkhani kuchepe ndipo mathero asaululidwe.

Kuleka pa tsamba 30 n'kosavuta. Chovuta n'chakuti chinsinsi chimatulukira m'mawu ang'onoang'ono amene wolemba sawaganizira, ndipo apa m'pamene ndimathera nthawi yambiri pokonza. Munthu amene wamaliza buku amadziwa kuti bamboyo anafa, choncho dzanja lake limalemba lokha kuti "Nabanda akupita kukafuna malemu mwamuna wake." Liwu limodzi lakuti malemu lagwetsa masamba 120. Wina amalemba kuti "bukuli likuunika za mitala," poganiza kuti watchula mfundo yaikulu chabe, pamene wowerenga watcheru wazindikira kale kuti ku Joniko kuli mkazi wina. Wina potchula ampangankhani amayamikira "mayi wachiwiri amene akuonekera pakati pa buku," ndipo zathera pomwepo. Ngakhale ndime imene mwasankha kugwira mawu ikhoza kuulula: mukatenga ndime ya pa tsamba 150 pamene amayi awiri akukambirana za fizi ya ana, mwanena zonse.

Palinso kuulula kumene anthu ambiri sazindikira kuti n'kuulula. Ndiko kulemba kuti "dikirani muone zimene zichitike kumapeto, mudzadzidzimuka," kapena "musakhulupirire mauthenga a pa foniwo." Simunanene chimene chichitike, n'zoona, koma mwasintha kawerengedwe. Munthu uja sakuyendanso limodzi ndi Nabanda, akusakasaka msampha tsamba lililonse, ndipo akafika pa tsamba 120 amangoti ndinadziwa. Wolemba buku anavutika kuti wowerenga akhulupirire zimene Nabanda akukhulupirira. Chenjezo lanu lachotsa chikhulupirirocho. Chimodzimodzi kunena kuti buku likutha momvetsa chisoni kapena mokondweretsa.

Ena amati zonsezi n'kudzivuta, ndipo ali ndi poimira. Mu 2011 akatswiri awiri a pa yunivesite ya California ku San Diego, Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld, anapatsa ophunzira nkhani zazifupi 12, ena atauzidwiratu mathero, ena ayi, ndipo anapeza kuti ouzidwiratuwo anasangalala nazo nkhanizo pang'ono kuposa anzawo. Mu 2015 ofufuza ena, Benjamin Johnson ndi Judith Rosenbaum, anapeza zosiyana: nkhani zosaululidwa ndi zimene zinakoma kwambiri. Ine maganizo anga ndi akuti ofufuzawo apitirize kutsutsana, koma wolemba ndemanga asasankhire munthu. Wofuna kudziwa mathero atha kutsegula tsamba lomaliza yekha, pamene amene mwamuuza asakufuna sangathenso kuiwala.

Mukachotsa chidule, pa mawu 400 amene nyuzipepala yakupatsani mumatsala ndi malo ambiri, ndipo malowo ndi a ntchito yeniyeni, yonena amene bukuli lingamukomere. Mawu ngati "achinyamata ndi achikulire omwe" kapena "aliyense wokonda kuwerenga" sathandiza, chifukwa anthu sakonda mabuku potengera zaka zawo zokha. Nancy Pearl, katswiri wa za malaibulale wa ku Seattle, amaphunzitsa kuti owerenga amalowa m'buku kudzera pa makomo anayi: nkhani, anthu a m'nkhanimo, malo, ndi chilankhulo. Pali munthu amene amawerenga kuti adziwe chichitike n'chiyani, ndipo buku likachedwa amalitaya. Pali amene amafuna kukhala ndi mpangankhani mpaka kumudziwa ngati mbale wake. Wina amafuna kuti buku limutengere kumalo kumene sanafikeko, ndipo wina amakondwa ndi kaumbidwe ka ziganizo, miyambi ndi zining'a, ngakhale pasachitike kanthu masamba khumi. Buku lililonse lili ndi khomo limodzi kapena awiri otseguka kwambiri, ndipo ntchito yanu ndi kunena kuti ndi ati, ndi umboni wochokera m'masamba oyambirira.

M'buku la Nabanda, tinene kuti khomo lalikulu ndi la anthu, lachiwiri ndi la malo, ndipo nkhani ikuyenda pang'onopang'ono. Ndemanga yake ingakhale ndi ndime yotere:

"Ulendo wa pa basi wokha watenga masamba 40, ndipo wolemba sakufulumira. Tikuima naye Nabanda pa mzere wa pa chipata cha Mwanza, tikumva mmene akuwerengera ndalama za mbuzi m'chitenje, tikudziwa apaulendo anzake mmodzimmodzi. Amene ali ndi m'bale ku Joni, kapena amene anadikirapo foni usiku, adzamuzindikira mayiyu msanga. Koma ngati mumafuna buku lothamanga, lokhala ndi chochitika chatsopano mutu uliwonse, theka loyamba lidzakutopetsani. Chichewa chake n'chosavuta, wophunzira wa Fomu 2 angachimve, ngakhale nkhaniyo ikukhudza za m'banja zimene zingakomere kwambiri achikulire."

Onani kuti ndimeyi yatchulanso amene bukuli silingamukomere. Olemba ambiri amaopa kutero, makamaka kuno kumene wolemba buku ndi wolemba ndemanga nthawi zambiri amadziwana ndipo mawa akumana pa msonkhano wa alembi. Koma kunena kuti buku ndi lodekha si kulinyoza. Kumapulumutsa munthu amene akanaligula n'kukhumudwa, n'kumauza anzake kuti n'lotopetsa, ndipo kumachititsa kuti amene mwati lidzamukomera akukhulupirireni. Pamalo pomwepa tchulaninso ngati m'buku muli nkhanza zoopsa, kugwiririra kapena za kuchipinda zolembedwa mosabisa, kuti mphunzitsi kapena kholo adziwe. Nenani kuti zilimo, osanena kuti zikugwera yani kapena pa mutu uti.

Nanga ngati chofooka cha buku chili kumathero komweko? Ndemanga yoona siyenera kuchibisa. Njira yake ndi kunena za luso, osati za chochitika. M'malo molemba kuti amayi awiriwo akugwirizana msanga mosakhutiritsa, lembani kuti masamba 30 omaliza athamanga kusiyana ndi buku lonse, ndipo mavuto amene anamangidwa modekha amasulidwa mofulumira. Amene sanawerenge wamva chiweruzo chanu popanda kudziwa nkhani, ndipo amene anawerenga adzadziwa chimene mukunena. Ngati mfundo yanu singamveke popanda kutchula chochitikacho, ndiye kuti mukulemba kafukufuku wa anthu amene anawerenga kale, ndipo muyenera kuchenjeza pamwamba penipeni, mutu wa nkhani usanaulule kanthu, osati m'chiganizo chomwecho chimene chikuululacho.

Lamulo losaululali lili ndi malire. Buku la mbiri ya John Chilembwe silionongeka mukanena kuti anaphedwa mu 1915, chifukwa palibe amene amaligula kuti adziwe ngati anapulumuka. Pamenepo chosunga ndi zimene wolembayo wafukula zatsopano, ndipo ngakhale izo mutha kuzitchula mwachidule. Buku la ndakatulo lilibe mathero oti mubise, koma musasindikize ndakatulo yonse, mizere inayi kapena isanu ikwanira kuti munthu alawe. Pa buku la nkhani zazifupi, sankhani ziwiri kapena zitatu n'kupereka chiyambi cha iliyonse, poti nkhani yaifupi nthawi zambiri mphamvu yake yonse imakhala m'ndime yomaliza. Ndipo buku lachiwiri la nkhani yopitirira lili ndi msampha wake: chiyambi chake chimakhala mathero a buku loyamba, choncho nenani msanga kuti ndemangayi ndi ya amene anamaliza loyambalo.

Musanatumize ndemanga kwa mkonzi, ipatseni munthu amene sanawerenge bukulo, ndipo mumufunse mafunso awiri: ukuganiza kuti nkhaniyi itha bwanji, ndipo ndani mwa anzako amene ungamugulire bukuli? Akalosera molondola funso loyamba, fufuzani liwu limene laulula, kawirikawiri limakhala m'chiganizo chonena za mfundo zazikulu kapena m'mutu wa ndemanga. Akalephera kutchula dzina pa funso lachiwiri, bwererani ku ndime ya owerenga muwonjezere chitsanzo chochokera m'mitu yoyambirira.