Manambala a chanza: kodi mndandanda uliwonse ungatheke?

Tiyerekeze kuti anthu 6 akumana pamsonkhano, ndipo ena mwa iwo agwirana chanza. Potuluka tikufunsa aliyense kuti wagwirana chanza ndi anthu angati. Mayankho tawandanda kuyambira lalikulu mpaka laling'ono: 4, 4, 3, 2, 2, 1. Gulu lina la anthu 6 latipatsa 4, 4, 4, 2, 1, 1. Mindandanda iwiriyi ikufanana kwambiri, ndipo uliwonse ukawonkhetsedwa ukukwana 16. Koma umodzi ndi wotheka, pamene winawo sungachitike ngakhale anthuwo atayesa chotani. M'gulu limenelo wina wanama, kapena waiwala.

Akatswiri a masamu amajambula nkhani yotere pa pepala. Munthu aliyense amakhala dontho, ndipo anthu awiri akagwirana chanza timalemba mzere wolumikiza madontho awowo. Chojambula chimenechi chimatchedwa galafu, ndipo chiwerengero cha mizere yofika pa dontho limodzi ndiye digiri ya dontholo. Galafu yomwe tikukamba pano ili ndi malamulo awiri okha: palibe munthu wodzigwira yekha chanza, ndipo anthu awiri omwewo sawerengedwa kawiri, ngakhale atapatsana moni m'mawa ndi madzulo. Imeneyi ndiyo galafu yapafupi. Malamulo awiriwa akuoneka ngati achabechabe, komatu ndi amene amapangitsa funso lathu kukhala lofuna kuganiza.

Choyamba kuyang'ana ndi chiwonkhetso. Chanza chimodzi chimafuna anthu awiri, choncho pofunsa anthu onse, chanza chilichonse chimatchulidwa kawiri, kamodzi ndi uyu, kamodzi ndi uyo. Ndiye kuti madigiri onse akawonkhetsedwa amakwana chiwerengero cha mizere kuchulukitsa ndi 2. Mfundo imeneyi imadziwika kuti lamulo la kugwirana chanza, ndipo inaonekera kale mu 1736 m'zimene Leonhard Euler analemba zokhudza milatho 7 ya mzinda wa Königsberg. Chotsatira chake n'chakuti chiwonkhetso chiyenera kugawika ndi 2 popanda chotsala. Anthu 5 sanganene onse kuti aliyense wagwira atatu, chifukwa 15 sagawika ndi 2. Palibe theka la chanza. M'mawu ena, anthu amene digiri yawo sigawika ndi 2 sangakhale mmodzi, atatu kapena asanu. Amakhala awiri, anayi, kapena osakhalapo n'komwe.

Chachiwiri n'chachidziwikire: pa anthu 6 palibe angagwire oposa 5.

Vuto n'lakuti ophunzira ambiri amalekera pomwepa. Akaona kuti chiwonkhetso chagawika ndi 2 ndipo palibe nambala yopyola malire, amati basi zatheka. Lamulo la chanza lili ndi mphamvu yokana kokha. Likakana, nkhani yatha, koma likapanda kukana silinavomereze kanthu. Tengani anthu 4 okhala ndi 3, 3, 3, 1. Chiwonkhetso ndi 10, palibe wapyola 3. Koma atatu oyambawo aliyense wagwira anthu onse, kuphatikizapo wachinayiyo. Iye ndiye wagwiridwa katatu, nanga 1 wakeyo wamutenga kuti? Mindandanda yathu iwiri ija nayonso yadutsa mayeso onse awiri, choncho pakufunika njira yamphamvu kuposa pamenepa.

Njirayo inapezedwa ndi katswiri wa masamu wa ku Czechoslovakia, Václav Havel, mu 1955 (si mtsogoleri wa dziko uja, angofanana mayina), ndipo S. L. Hakimi anaipezanso payekha mu 1962. Imayenda chonchi. Tengani munthu wa digiri yaikulu koposa, mumugwiritse chanza ndi anthu otsatira amene ali ndi madigiri aakulu, mpaka nambala yake itakwana. Kenako mchotseni pamndandanda, ndipo aliyense amene wamugwira mumuchepetsere 1. Sanjaninso otsalawo kuyambira wamkulu, n'kubwereza. Mukafika poti onse ali pa 0, mndandanda ndi wotheka. Mukafika poti wina akufunabe chanza koma omugwira atha, ndi wosatheka.

Tiyese ndi gulu loyamba. Anthuwo tiwatche A, B, C, D, E ndi F, madigiri awo motsatana ndi 4, 4, 3, 2, 2, 1. A akufuna anayi, ndiye agwire B, C, D ndi E. A wachoka, ndipo zotsala ndi izi: B 3, C 2, D 1, E 1, F 1. Tsopano B akufuna atatu. C ndi wachidziwikire, pamene D, E ndi F ali pa 1 onse, ndiye mutha kusankha awiri alionse. Tisankhe D ndi E. Pakutsala C 1, D 0, E 0, F 1. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Mukapanda kusanjanso, mumaona C akufuna munthu mmodzi, womutsatira ndi D yemwe ali pa 0, n'kuganiza kuti zakanika. Mukasanja bwino, mndandanda ndi 1, 1, 0, 0, ndipo C angogwira F. Onse afika pa 0.

Chimene ndimakondera njirayi n'chakuti sikuti imangoyankha kuti inde, imakupatsaninso galafu yeniyeniyo m'manja. Mizere yake ndi AB, AC, AD, AE, BC, BD, BE ndi CF. Ilipo 8, lomwe ndi theka la 16, monga lamulo la chanza likufunira. Aliyense wokayika atha kuwerenga yekha: C wagwira A, B ndi F, atatu ndendende.

Gulu lachiwiri ndi 4, 4, 4, 2, 1, 1. Woyamba agwira anayi otsatira, n'kutsala 3, 3, 1, 0, 1, zomwe tikasanja ndi 3, 3, 1, 1, 0. Wa 3 woyambayo agwira atatu otsatira, n'kutsala 2, 0, 0, 0. Munthu mmodzi akufunabe anthu awiri, koma ena onse akwanitsa kale. Mndandandawu ndi wosatheka.

Wina angafunse kuti, kodi kulephera kumeneku si chifukwa choti tasankha molakwika? Mwina tikanagawa zanza mwanjira ina zikanatheka. Funsoli ndi lomveka, chifukwa kusankha mwachisawawa kumasocheretsadi. Bwererani ku gulu loyamba, lomwe tikudziwa kuti ndi lotheka, koma nthawi ino A agwire C, D, E ndi F, kusiya B. Pakutsala B 4, C 2, D 1, E 1, F 0. B akufuna anayi, koma A wachoka kale, F wakwana, otsala ndi atatu okha. Takanika pa mndandanda wabwinobwino, chifukwa tawonongera zanza za A pa anthu osowa pang'ono n'kusiya wosowa zambiri.

Chimene Havel ndi Hakimi anatsimikiza n'chakuti kusankha akuluakulu sikutsekereza mwayi uliwonse. Tiyerekeze kuti pali galafu ina yolondola, momwe A wagwira munthu wa digiri yaing'ono, titi W, koma sanagwire wa digiri yokulirapo, titi U. Popeza U ali ndi anzake ochuluka kuposa W, payenera kupezeka munthu wina, titi X, amene wagwira U koma sanagwire W. Tsopano fufutani mizere iwiri, AW ndi UX, mulembe ina iwiri, AU ndi WX. Werengani bwino: A wataya mmodzi n'kupeza mmodzi, chimodzimodzinso U, W ndi X. Palibe digiri yasintha, palibenso mzere wabwerezedwa, koma tsopano A wagwira wamkulu uja. Mukabwereza kusinthanitsa kumeneku, galafu iliyonse yolondola imasanduka ya mtundu womwe njira yathu imamanga. Ndiye ngati njira yathu yalephera, palibe galafu ina yobisika kwinakwake.

Komabe njirayi ikakana, sinena momveka chimene chalakwika. Imangokusiyani ndi 2, 0, 0, 0. Chifukwa chenicheni chimaoneka bwino m'lamulo limene Paul Erdős ndi Tibor Gallai anafalitsa mu 1960. Ganizo lake ndi lowerengera zosowa ndi zopezeka. M'gulu lachiwiri, tengani anthu atatu apamwamba: onse pamodzi akufuna 4 + 4 + 4 = 12. Angazipeze kuti? Pakati pawo, aliyense angagwire anzake awiri okha, zomwe zikupereka 3 × 2 = 6. Zotsalazo ziyenera kuchokera kwa atatu apansi, omwe ali ndi 2, 1 ndi 1, pamodzi 4. Zopezeka zonse ndi 10, zofunika ndi 12. Paperewera 2, nambala yomwe ija inatsala pamapeto a njira ya Havel ndi Hakimi. M'gulu loyamba atatu apamwamba akufuna 11, ndipo zopezeka ndi 6 + 2 + 2 + 1 = 11. Zangokwana ndendende, popanda chotsalira. N'chifukwa chake kungosuntha 1 kumuchotsa kwa E kupita kwa C kwagwetsa zonse.

Polemba mwachidule, madigiri atasanjidwa kuyambira wamkulu, n'kuwatcha d1, d2, mpaka dn, pomwe n ndi chiwerengero cha anthu onse, lamuloli limati pa nambala k iliyonse kuyambira 1 mpaka n:

```
d1 + ... + dk ≤ k(k-1) + min(d(k+1), k) + ... + min(dn, k)
```

Mawu akuti `min` akutanthauza kuti pa manambala awiriwo mutenge yaing'ono. Alipo chifukwa munthu wa m'munsi, ngakhale atakhala ndi digiri 5, sangapereke zanza zoposa zitatu kwa anthu atatu apamwamba, popeza aliyense amamugwira kamodzi kokha. Chiwonkhetso chikagawika ndi 2, ndipo mzere umenewu ukakhala woona pa k aliyense, mndandanda ndi wotheka. Ukalephera pa k mmodzi yekha, ndi wosatheka. Kuona kwanga, wofuna kujambula galafu ayambe ndi Havel ndi Hakimi, koma wofuna kukhutiritsa mnzake kuti chinthu sichingatheke amuonetse k mmodzi wolepherayo, chifukwa umboni wake umakwana pa mzere umodzi.

Zonsezi zikuyenda chifukwa cha malamulo awiri aja. Mukalola kuti anthu awiri omwewo awerengedwe kangapo, nkhani imapepuka: chiwonkhetso chigawike ndi 2, ndipo digiri yaikulu isapose ena onse atawonkhetsedwa. Pamenepo 3, 3, 3, 1 ndi 4, 4, 4, 2, 1, 1 yomwe imatheka. Choncho musanayambe kuwerengera, dziwani kaye mtundu wa galafu womwe funso likunena.

Dziwaninso kuti mndandanda wotheka sukuuzani kuti wagwira ndani ndi ndani. Anthu 6 okhala ndi 2, 2, 2, 2, 2, 2 atha kukhala bwalo limodzi, aliyense atagwira wa kumanja ndi wa kumanzere kwake. Athanso kukhala magulu awiri a anthu atatuatatu, osakhudzana n'komwe. Madigiri ndi omwewo, koma m'galafu yoyamba uthenga ungayende kuchokera kwa munthu mmodzi kufika kwa onse, pamene m'yachiwiri ungathere mwa anthu atatu. Njira ya Havel ndi Hakimi ingakupatseni iliyonse mwa ziwirizi, malinga ndi amene mwasankha pamene manambala afanana.