Ndalama ya pa kontirakiti si imene imalowa ku banki

"Ku Mangalande mabwana amadyera alendo, amalonjeza £2,000 pamwezi koma ku banki kumalowa yochepa." Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri, ndipo ndatopa nawo, chifukwa amadanitsa anthu ndi owalemba ntchito popanda mlandu.

Pa pepala la malipiro pali ziwerengero ziwiri. Pamene alemba Gross Pay ndi malipiro onse asanadulidwe, omwe aja a pa kontirakiti. Net Pay ndi yotsala imene mumalandira. Zodulidwa zapakatipo bwana sasunga m'thumba, lamulo limamukakamiza kuzipereka ku boma kapena ku thumba la penshoni.

Titenge £2,000 ija. Pa pepala la malipiro pamalembedwanso khodi ya msonkho, yomwe imauza bwana msonkho woti adule. Amene ali ndi khodi 1257L salipira msonkho pa £12,570 yoyamba pachaka, kutanthauza pafupifupi £1,048 pamwezi. Yotsala ndi £952, ndipo 20 peresenti yake ndi £190. Pamzere wolembedwa NI amadulanso ya inshuwalansi ya boma, 8 peresenti ya £952 yomweyo, yomwe ndi £76. Mumatsala ndi pafupifupi £1,734, ya penshoni isanachoke.

Cholakwika chenicheni chimene chimagwera atsopano ndi khodi. Mukaona BR pomwe ntchito muli nayo imodzi yokha, akudula 20 peresenti pa malipiro onse, ndiye £400 m'malo mwa £190. Izi zimachitika kawirikawiri ngati fomu ya woyamba ntchito sinadzazidwe bwino, ndipo khodi ikakonzedwa ndalamayo imabwezedwa.

Choncho musanauze m'bale wongofika kumene kuti akuberedwa, khalani naye pansi, muone khodi yake, muwerengere limodzi. Ziwerengerozi zimasinthidwa nthawi zina, ndiye muziyerekeze ndi za chaka chimenecho pa tsamba la boma la misonkho.