Funso la nkhani si kutalika kwake ayi

Mphunzitsi wolemba mafunso a zowerengera ndalama za bizinesi angafunse kuti: "Ndikawonjezera dzina la shopu ndi manambala ambiri, ndiye kuti funso langa likuyesa kugwiritsa ntchito lamulo eti?"

Ayi ndithu. Aphunzitsi ambiri kuno kwa ife amalemba kankhani ka shopu ya ku Ulongwe mizere isanu, kenako pomaliza n'kufunsa kuti lamulo lolemba ndalama pa nthawi yake limati chani. Pamenepo mwana wangoloweza basi, mukafufuta nkhaniyo funso likuyankhikabe.

Taonani ili. Mayi wogulitsa mbeu walipira lendi ya mametikali 12,000 pa 1 Okutobala, ya miyezi 12, ndipo mabuku amatseka pa 31 Disembala. Lendi ya chaka chino alembe zingati?

Yankho ndi 3,000, chifukwa miyezi imene wakhalamo ndi itatu yokha pa 1,000 mwezi uliwonse, 9,000 yotsalayo ndi yolipiriratu, ikadali chuma cha bizinesi mpaka chaka chamawa. Dzina la lamulo sindinalitchule dala, alipeze yekha. Ndiye wolemba 12,000 mukudziwiratu kuti watsata tsiku limene ndalama inatuluka, wolemba 9,000 watembenuza.

Koma musaiwale deti lotsekera mabukulo, mukalisiya ngakhale 12,000 ikhoza kukhala yolondola.