Zakudya za m'fakitale: zoyenera kuchepetsa ndi zosafunika kuziopa

Masiku ano zikumveka kwambiri kuti chakudya chilichonse chodutsa m'makina chimadwalitsa. Ena afika mpaka pokayikira mkaka wa m'paketi ndi ufa wa m'sitolo. Uthenga uno ukufotokoza zakudya zimene akatswiri a zaumoyo amadandaula nazo kwenikweni, komanso mmene mungazidziwire mukaima pa okala ku Kawale kapena m'sitolo yaikulu m'tauni.

Kukonza chakudya si kwachilendo. Kukonola chimanga, kuyanika usipa, kufutsa masamba, kusinja nsinjiro, kuphika thobwa ndi kusasitsa chambiko, zonsezi n'kukonza chakudya. Kwina kumapulumutsa moyo. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo kuchiviika m'madzi masiku angapo n'kuchiyanika ndi kumene kumachititsa kuti kondowole adyeke. Mkaka wa m'paketi amautenthetsa kuti tizilombo toyambitsa matenda tife. Mchere timagula wothira ayodini kuti tipewe chithokomiro, ndipo kuno ku Malawi shuga ndi mafuta ophikira amathiramo vitamini A. Likuni Phala, amene dzina lake linachokera ku Likuni konkuno, ndi chimanga ndi soya zogaya, ndipo walera ana ambiri.

Mu 2009 katswiri wina wa ku Brazil, Carlos Monteiro wa ku yunivesite ya São Paulo, ndi anzake anayamba kugawa zakudya potengera mmene zakonzedwera. Njirayi imatchedwa NOVA ndipo ili ndi magulu anayi. Loyamba ndi la zakudya zongochokera kumunda kapena zokonzedwa pang'ono, monga nyemba, mazira, ufa, mpunga ndi nsomba zouma. Lachiwiri ndi la zophikira: mchere, shuga, mafuta. Mukaphatikiza za m'magulu awiriwa kuti chakudya chisungike kapena chikome, monga mtedza wokazinga wothira mchere kapena nsomba za m'chitini, mwafika pa gulu lachitatu.

Nkhani yagona pa gulu lachinayi, la zakudya zokonzedwa mopitirira muyeso. Apa fakitale imaphwanya chimanga, soya kapena tirigu n'kutengamo sitachi, mafuta ndi mapuloteni pazokha, kenako n'kuziumbanso pothira utoto, fungo lopanga, zotsekemera ndi mankhwala ogwirizanitsa mafuta ndi madzi. Chotsatira chake ndi chinthu chokoma, chotsika mtengo, chokhalitsa pa shelefu, choti simungachipange m'khitchini mwanu ngakhale mutafuna. Zoziziritsa kukhosi, majuwisi a ufa osungunula, mafilizi, tchipisi ndi mapafu a m'timapaketi, mabisiketi, masoseji, poloni ndi manudozi ofulumira kupsa zili m'gulu limeneli. Chimanga chootcha pamsewu ndi pafu wa utoto wa lalanje zonse zinachokera ku chimanga, koma mu pafu mwangotsala sitachi, mafuta ndi mchere.

Umboni wodziwika bwino unatuluka mu 2019 ku America. Kevin Hall ndi anzake anasunga anthu akuluakulu 20 pamalo ofufuzira kwa milungu inayi. Milungu iwiri ankapatsidwa zakudya za gulu lachinayi, milungu iwiri ina zakudya zosakonzedwa kwambiri, ndipo aliyense ankadya mmene wafunira. Ngakhale mbale zonse zinalinganizidwa kuti shuga, mafuta ndi mchere zifanane, pa milungu ya zakudya za m'fakitale anthuwo ankadya mphamvu ya m'chakudya yowonjezera yokwana makalori pafupifupi 500 pa tsiku ndipo ananenepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa milungu inayo anatsika ndi mlingo womwewo. Zakudya za m'fakitalezo ankazidyanso mofulumira, mwina chifukwa n'zofewa, sizifuna kutafuna, ndipo munthu amamaliza paketi mimba isanamuuze kuti wakhuta. Kafukufuku wina wotsatira anthu ambiri kwa zaka wapeza kuti odya kwambiri zakudyazi amadwala kwambiri matenda a shuga, a mtima ndi kunenepa kopitirira, ngakhale kafukufuku wotere sangalekanitse bwinobwino mbali ya chakudya ndi mbali ya moyo wonse wa munthu.

Tiyerekeze mayi wa ku Chinsapo amene m'mawa amagulira mwana wa pulayimale botolo la chakumwa la 500 ml ndi kapaketi ka mapafu, ndipo madzulo amamuphikira manudozi chifukwa makala avuta. Atembenuze botolo lija. Zakumwa zambiri zotere zimakhala ndi shuga wokwana magalamu 10 pa 100 ml iliyonse, kutanthauza magalamu 50 m'botolo lonse. Sipuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu 4, ndiye kuti mwanayo wamwa masipuni 12 asanalowe n'komwe m'kalasi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya pa tsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50 omwewo. Kwa mwana malire ake ndi ochepa kuposa apa.

Pa paketi ya manudozi ayang'ane sodiyamu, yemwe ndi mbali ya mchere. Nambala yake mukaichulukitsa kawiri ndi theka mumapeza mchere. Ngati paketi yalemba mamiligalamu 1,200, ndiye kuti muli magalamu 3 a mchere, pomwe WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 tsiku lonse, kuphatikiza wa m'ndiwo. Mchere wochuluka umakweza kuthamanga kwa magazi, matenda amene ambiri amakhala nawo osadziwa mpaka atayezetsa. Wambiri mwa mchere wa m'manudozi uli m'kapepala ka zokometsera kaja, choncho kuthira theka lokha n'kuwonjezera dzira, tomato ndi mpiru kumasintha mbale yonse. Za kusukulu, mbatata yophika, nthochi, mtedza ndi madzi zimamusunga mwana nthawi yaitali kuposa mapafu.

Pa paketi iliyonse, zinthu zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri. Shuga kapena mafuta zikakhala poyambirira, mwadziwa kale chimene mukugula. Mndandanda ukatalika, wodzaza mayina achilendo ndi manambala monga E102, womwe ndi utoto wachikasu, kapena E621, chokometsera, chakudyacho n'cha gulu lachinayi. Nambala imodzi yotere si chizindikiro cha poizoni ayi. Imangokuuzani mtundu wa chakudya chimene chili m'manja mwanu.

Komabe magulu a NOVA sanena zonse, ndipo apa m'pofunika nzeru. Nyama ya soya ya m'mapaketi ili m'gulu lachinayi, koma kwa banja limene nyama yeniyeni limaiona kamodzi pamwezi, imapereka mapuloteni pa mtengo wofikirika. Palibe chifukwa choisiyira. Chepetsani supu wake wa ufa, muphike ndi anyezi ndi tomato. Chiponde chimene amapereka kuchipatala kwa ana onyentchera chimapangidwa m'fakitale ndipo chili ndi shuga ndi mafuta ambiri mwadala. Chimenechi ndi mankhwala, mwana amalize monga mwa malangizo a kusikelo, ndipo ena m'nyumba asamudyere.

Kumbali ina, chophikidwa pakhomo sichikhala chabwino chifukwa chongoti n'chapakhomo. Ufa woyera uli m'gulu loyamba, koma pokonola ndi kuviika timataya gaga ndi kamtima ka chimanga momwe muli michere yambiri, n'chifukwa chake mgaiwa umauposa. Mandasi okazinga m'mafuta obwerezabwereza komanso tiyi wa masipuni anayi a shuga sizichokera m'fakitale, koma kwa munthu wa matenda a shuga n'zofunika kusamala nazo chimodzimodzi ndi chakumwa cha m'botolo.

Ngati muli ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, tengani mapaketi a zimene mumadya kawirikawiri popita kuchipatala tsiku lanu loyezetsa, kuti a zaumoyo awerenge nanu limodzi n'kukuuzani zoyamba kuchepetsa.