Mwasintha pasiwedi, foni yaleka kulandira maimelo a kuntchito: musathamangire kufufuta akaunti

Dandaulo limabwera mofanana pafupifupi nthawi zonse. Munthu wasintha pasiwedi m'mawa pa kompyuta ya kuntchito, maimelo akulowa bwinobwino pa foni kwa kanthawi, kenako pofika masana zii. Uthenga womaliza ndi wa m'mawa uja, ndipo ngakhale akokere pansi kangati, palibe chatsopano. Ambiri akafika apa amafufuta akaunti pa foni n'kuyamba kuilowetsanso. Ine ndimati dikirani kaye, chifukwa kufufutako nthawi zambiri kumawonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba. Ndikamba kwambiri za maimelo a Microsoft 365, omwe mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito, ngakhale kuti a Google Workspace amachita zofananako.

Choyamba kumvetsa n'chakuti foni yanu siisunga pasiwedi ya imelo monga zinkakhalira kale. Kuyambira mu Okutobala 2022, Microsoft inayamba kutseka njira yakale ija yomwe foni inkatumiza dzina ndi pasiwedi nthawi iliyonse ikafuna kutenga maimelo ku Exchange Online, seva ya maimelo ya Microsoft 365. Masiku ano mukalowa koyamba, seva imapatsa foni chiphaso cha pakompyuta, chomwe akatswiri amachitcha tokeni. Ziphasozi zilipo ziwiri. Chachifupi chimagwira ntchito kwa mphindi 60 mpaka 90, ndipo ndicho foni imaonetsa ikamatenga maimelo. Chachitali chimatha kukhala masiku 90, ndipo ntchito yake ndi kukatengera chachifupi chatsopano mwakachetechete, inu osadziwa. Mukasintha pasiwedi, chachitali chija chimathetsedwa. Chachifupi chimatha kupitirizabe mpaka nthawi yake itakwana. N'chifukwa chake maimelo amalowabe kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, kenako n'kuduka. M'mabungwe ena kudukako kumachitika patangopita mphindi zochepa, koma chifukwa chake n'chimodzimodzi: foni ikufuna kuti mulowenso, ilandire chiphaso chatsopano.

Ndiye musanakhudze foni, tsimikizani kaye kuti akauntiyo payokha ili bwino. Pa kompyuta, tsegulani burawuza pa windo lachinsinsi (InPrivate pa Edge, Incognito pa Chrome), mupite ku outlook.office.com, mulembe pasiwedi yatsopano ndi dzanja. Windo lachinsinsi n'lofunika chifukwa windo wamba lingakulowetseni lokha ndi zomwe linasunga kale, inu n'kuganiza kuti pasiwedi yayesedwa pamene siinayesedwe. Kulowa pa laputopu nakonso si umboni wokwanira: laputopu yomwe ili kunja kwa netiweki ya kuntchito imatha kulandirabe pasiwedi yakale yomwe inasunga.

Yankho la burawuza limakuuzani kolowera. Ikakana pasiwedi, vuto lili pa akaunti, ndipo palibe chomwe mungachite pa foni chimene chingathandize. Mwina mwangosintha kumene: m'mabungwe omwe pasiwedi imasinthidwira pa seva ya mu ofesi, imatumizidwa ku Microsoft pa mphindi 2 zilizonse, choncho dikirani pang'ono muyesenso. Mwina akaunti yatsekedwa kwa kanthawi. Ngati a zamakompyuta sanasinthe kakonzedwe kake, Microsoft imatseka akaunti kwa masekondi 60 mukalakwitsa ka 10, ndipo mukapitiriza kulakwitsa nthawi yotseka imatalika. Kuumirira kulemba mobwerezabwereza sikuthandiza. Kumbukiraninso zipangizo zina zomwe zikugogodabe ndi pasiwedi yakale, monga tabuleti yomwe ili m'kabati kapena waifai ya kuntchito yomwe foni imalowera ndi dzina lanu. Malingana ndi malamulo a bungwe, zimenezi zingamatseketse akaunti mobwerezabwereza mpaka mutazikonza.

Burawuza ikalandira pasiwedi, akaunti ili bwino. Ngakhale itakuletsani pambuyo pake ndi uthenga wonena za chipangizo, pasiwediyo yadutsa. Tsopano tipite pa foni.

Apa ntchito yake ndi yochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Tsegulani Outlook muyang'ane m'munsi kapena pamwamba pa mndandanda wa maimelo. Pamakhala kauthenga kokupemphani kulowanso, kokhala ndi batani la Sign in. Anthu ambiri amakachotsa ndi chala osakawerenga. Kakapanda kuoneka, pitani ku Settings mkati mwa Outlook, sankhani akauntiyo, mudine Reset Account. Zimenezi zimakakamiza pulogalamuyo kulumikizananso ndi seva popanda kuchotsa akaunti. Pa iPhone, ngati mumagwiritsa ntchito Mail, pitani ku Settings, mupeze akauntiyo pansi pa Mail, mudine Re-enter Password. Tsamba lolowera likatseguka, lembani pasiwedi nokha. Musalole foni kudzaza yokha, chifukwa yomwe ili m'chosungira mapasiwedi cha foni ndi yakale ija, ndipo ichi chokha chimasokoneza anthu ochuluka zedi. Yembekezeraninso kufunsidwa kutsimikiza kudzera pa pulogalamu ya Microsoft Authenticator kapena manambala osinthasintha omwe pulogalamu yotereyi imaonetsa. Ngati manambalawo akukanidwa, onani kuti nthawi ya foni ikudziika yokha: amasintha pa masekondi 30 aliwonse, ndipo wotchi yosiyana ndi ya seva imawasokoneza.

Pali chenjezo limodzi lomwe ndimaliona lolemera. Tsiku lomwe mwasintha pasiwedi ndi tsiku lomwe uthenga wabodza wakuti "tsimikizani akaunti yanu" umaoneka woona. Lowani kudzera mu pulogalamu yeniyeniyo kapena adiresi yomwe mwalemba nokha, osati pa linki yobwera mu uthenga. Ndipo wa zamakompyuta weniweni safuna kuti mumuuze pasiwedi yanu.

Gawo lovuta ndi lachitatu, pomwe pasiwedi yadutsa, kutsimikiza kwadutsa, koma maimelo sakubwerabe. Mabungwe ambiri safunsa kuti ndinu yani kokha. Amafunsanso kuti mukulowera pa chipangizo chanji. Malamulo amenewa, omwe ku Microsoft amatchedwa Conditional Access, amatha kunena kuti maimelo azitsegulidwa mu Outlook mokha, kapena pa foni yokhayo yolembetsedwa ku Intune, chida cha Microsoft chomwe bungwe limayang'anirira zipangizo. Foni yolembetsedwayo iyeneranso kukwaniritsa zomwe bungwe linaika: kukhala ndi loko wa manambala okwanira, kukhala ndi Android kapena iOS yosachepera pa mulingo wakutiwakuti, kusakhala yothyoledwa chitetezo chomwe opanga foni anaikamo.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ya zachuma. Foni yawo ndi ya Android, ndipo inalembetsedwa ndi mbali ya ntchito, ija mapulogalamu ake amakhala ndi kachizindikiro ka chikwama. Lolemba cha m'ma 8 koloko asintha pasiwedi, ndipo imelo yomaliza pa foni yalowa cha m'ma 9. Masana aona kuti foni yangoti chete, achotsa akaunti mu Outlook wa kachikwama, kenako n'kutenga Outlook wina ku Play Store ya mbali yawoyawo, poganiza kuti woyambayo wawonongeka. Alemba pasiwedi yatsopano, yalandiridwa, atsimikiza pa Authenticator, kenako tsamba likuwauza kuti sangafike ku maimelo kuchokera pa chipangizo chimenechi. Iwo aganiza kuti pasiwedi ndiyo yavuta, aisinthanso. Kusinthako kwathetsanso ziphaso zina zomwe zinali bwinobwino, moti tsopano kompyuta nayonso ikufuna kuti alowenso.

Chomwe chikanawapulumutsa chinali pa tsamba lokanalo. Pamakhala mawu akuti More details kapena Troubleshooting details, ndipo mukadina mumaona nambala ya vuto, nthawi yake, ndi Request Id, nambala yozindikiritsa kuyesa kwanu kulowa. Manambala asanu ndi amene ndimakumana nawo kawirikawiri:

```
50126  Invalid username or password
50053  Account locked
50173  Grant expired (password changed)
53000  Device not compliant
53003  Blocked by Conditional Access
```

Atatu oyambawo ndi a akaunti: 50126 ndi pasiwedi kapena dzina lolakwika, 50053 ndi akaunti yotsekedwa, pamene 50173 akungotanthauza kuti chiphaso chakale chathetsedwa, lowaninso. Awiri omalizawo ndi a malamulo a bungwe, ndipo ngakhale mutasintha pasiwedi kangati, sangachoke. Kwa mayi aja, seva sinali kukana iwo. Inali kukana Outlook wa mbali yomwe bungwe silinalembetse. Kwa seva, mbali ya ntchito ndi mbali ya mwini foni zili ngati mafoni awiri osiyana. Mankhwala ake anali kuchotsa akaunti mu Outlook watsopanoyo, kutsegula wa kachikwama, ndi kulowetsamo akaunti ndi pasiwedi yomaliza. Zimenezi zimachitikanso kwa amene amasamutsira akaunti ku pulogalamu ina ya maimelo n'kusankha njira zakale zotengera maimelo za IMAP kapena POP: pasiwedi yolondola imakanidwa chifukwa njira yolowerayo ndi yotsekedwa.

Bwanji ngati muli mu Outlook woyenera koma 53000 akubwerabe? Pamenepo foni yagwa pa malamulo, ndipo nthawi zambiri kugwako sikukhudzana ndi pasiwedi. Zangokumana tsiku limodzi. Tsegulani Company Portal, pulogalamu ya Intune ya pa foni, mulowe ndi pasiwedi yatsopano ngati ikufunsa, musankhe foni yanu pa Devices. Imakuuzani chomwe chikusowa, kaya ndi loko wofooka kapena Android yakale. Konzani chimenecho, kenako mudine batani lofufuzanso, lomwe pa iPhone limalembedwa Check status ndipo pa Android Check device settings. Batani limeneli musalidumphe, chifukwa payokha foni imalankhula ndi Intune pafupifupi pa maola 8 aliwonse, ndiye mungakonze zonse koma seva n'kumaonabe za kale. Dikirani mphindi zingapo musanatsegulenso Outlook. Foni yomwe yakhala osalumikizana ndi Intune kwa masiku 30 imathanso kuonedwa ngati yosakwaniritsa malamulo, ngati bungwe silinasinthe nambala imeneyi. Onaninso kuti mbali ya ntchito siinaimitsidwe. Zizindikiro za mapulogalamu ake zikaoneka zotuwa, yazimitsidwa.

Pali malire a zomwe mungakonze nokha. Foni ikakhala yakale moti siingalandirenso Android kapena iOS yomwe bungwe likufuna, palibe batani lomwe lingathandize. 53003 nayenso kawirikawiri amafuna wa zamakompyuta, chifukwa ndi iye yekha amene angatsegule kaundula wa zolowa n'kuona lamulo lenileni lomwe lakutsekerezani, kaya ndi la malo, la pulogalamu kapena la chipangizo. Mukamawalembera, "imelo sikugwira" siwapatsa poyambira. Atumizireni chithunzi cha tsamba lokhala ndi nambala ya vuto ndi Request Id, nthawi yomwe munasintha pasiwedi, nthawi ya imelo yomaliza pa foni, mtundu wa foni, ndiponso muwauze ngati pa burawuza mukulowa.

Kufufuta akaunti kuli ndi malo ake, koma kumapeto, zonsezi zikakanika. Musanatero, yang'anani mu Outbox, chifukwa maimelo omwe sanatumizidwe ali pa foni pokha ndipo amafufutika limodzi ndi akaunti. Manambala a anthu omwe ankachokera ku akaunti ya ntchito amachokanso pa foni mpaka mutalowanso. Kuchotsa mbali yonse ya ntchito n'kokulirapo: kumafufuta chilichonse chili mkatimo, ndipo ngati Authenticator anali momwemo, mudzafunika a zamakompyuta akukonzereni njira yotsimikizira musanalembetsenso foni.