Chimene chimagwira thupi kuti likhale lowongoka pochita pulanki

Munthu akamachita masewera olimbitsa thupi otchedwa pulanki amatsamira pa zigongono ndi pa zala za kumapazi, nkhope itayang'ana pansi, ndipo thupi lonse kuyambira kumutu mpaka ku zidendene limakhala m'mwamba litawongoka. Woonerera angaganize kuti palibe ntchito imene ikugwiridwa chifukwa palibe chiwalo chimene chikuyenda, koma nthawi zambiri wochitayo amayamba kunjenjemera pasanathe ngakhale mphindi imodzi. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa kaye kuti mnofu umagwira ntchito m'njira zitatu.

Mukanyamula chinthu cholemera n'kupinda mkono, mnofu wa kutsogolo kwa mkono umakoka uku ukufupika. Mukamatsitsa chinthucho pang'onopang'ono, mnofu womwewo umakokabe, koma ukutalika. Mukaimitsa mkono pakatikati, osakweza ndiponso osatsitsa, mnofuwo umapitiriza kukoka mwamphamvu ngakhale kuti utali wake sukusintha ndipo chigongono sichikupindika kapena kutambasuka. Kagwiridwe kachitatuka ndiko akatswiri amati aisometiriki. Pulanki ili m'gulu limeneli chifukwa mphamvu imene minofu ikutulutsa imangofanana ndi mphamvu imene ikufuna kupinda thupi, choncho msana, chiuno, mawondo ndi mapewa zimakhala pamalo amodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chimene chikufuna kupinda thupi ndi kulemera kwa thupi lenilenilo. Thabwa lalitali mukalisanjika pa miyala iwiri, umodzi kunsonga iyi wina kunsonga inayo, limafuna kugooka pakati pamene palibe cholichirikiza. Pa pulanki zochirikiza ndi zigongono ndi zala za kumapazi, ndipo pakati popanda chochirikiza ndi pamimba ndi pachiuno, pomwenso pamagwera kulemera kwambiri kwa thupi. Chiuno chikatsika, msana wa m'munsi, umene uli ndi mafupa 5, umalowa mkati kuposa mmene umakhalira, ndipo mbali ya kutsogolo ya thupi imatambasuka. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti minofu ya kumsana ndiyo imanyamula thupi popeza ili pamwamba. Komatu minofu italiitali ya m'mbali mwa msana ikakoka, imapinda msana chakumbuyo, kumene kulemera kwa thupi kukuukokera kale. Imathandiza pang'ono kulimbitsa msana, koma katundu weniweni ali pa minofu imene ili pansi, ya pamimba, imene ntchito yake pa nthawiyi ndi kukana kutambasuka.

Woyamba mwa minofuyi ndi rekitasi abudominisi, uja amaoneka ngati timabokosi pamimba pa anthu opanda mafuta ambiri. Umachokera pa fupa la pachinena n'kukwera kukagwira pa chichereŵechereŵe cha nthiti ya 5, ya 6 ndi ya 7 komanso kunsonga ya fupa la pachifuwa. Ukakoka umafuna kuyandikizitsa nthiti ndi chinena, ndipo pa pulanki umangoonetsetsa kuti ziwirizi zisatalikirane. M'mbali mwake muli minofu yopingasa yotchedwa maobuliki, wakunja ndi wamkati mbali iliyonse, imene ulusi wake umadutsana mopingasa. Imeneyi imathandiza kugwira nthiti ndi chiuno, ndiponso imaletsa thupi kupotoka kapena kupendekera mbali imodzi. Ntchito yake imamveka bwino mukayesa kunyamula phazi limodzi kapena mkono umodzi, chifukwa nthawi yomweyo chiuno chimafuna kutembenuka.

Mkati mwa yonseyi muli tiranzivesasi abudominisi, umene ulusi wake umayenda chozungulira mimba kuchokera kumsana kupita kutsogolo. Umenewu supinda msana kwenikweni. Ukakoka umafinya za m'mimba, ndipo mogwirizana ndi mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo komanso minofu ya pansi pa chiuno, umakweza mphamvu ya kupanikizika m'mimba, zimene zimapangitsa thunthu lonse kukhala lolimba.

Minofu ya pamimba yokha singakwanitse. Kuti chiuno chisagwe, minofu ya kutsogolo kwa chiuno, makamaka iliyosowasi, nayonso imakoka, ndipo popeza mbali ina ya mnofuwu imagwira pa mafupa a msana wa m'munsi, ikasiyidwa yokha imakokera msanawo mkati. N'chifukwa chake ophunzitsa amauza munthu kuti afinye matako: mnofu waukulu wa m'matako umatembenuza fupa la chiuno chakumbuyo, mothandizana ndi minofu ya pamimba, kuti msana usalowe. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imawongola mawondo, ndipo seratasi, umene uli m'mbali mwa nthiti pansi pa khwapa, umagwira fupa la phewa kuti likhale lomatirira ku nthiti, chifuwa chisamire pakati pa mapewa.

Tiyerekeze munthu amene wayamba bwino, mnzake atamuika ndodo yowongoka pamsana. Ndodoyo iyenera kukhudza malo atatu, pankhongo, pakati pa mapewa ndi pamwamba pa matako, ndipo pamsana wa m'munsi patsale mpata wongokwana chikhatho. Kwa masekondi 30 zonse zili m'malo mwake. Akamayandikira masekondi 45 mimba iyamba kunjenjemera ndi kutentha. Izi zimachitika chifukwa mnofu ukakoka mosalekeza umapanikiza mitsempha ya magazi imene ili mkati mwake, ndipo popeza sukumasuka ngakhale pang'ono monga umachitira poyenda kapena pothamanga, magazi amalowa ochepa ndipo zotsalira za ntchitoyo zimaunjikana. Kenako mpata uja umakula mpaka nkhonya kulowamo, mutu umagwa n'kusiya ndodo, ndipo ululu umachoka pamimba n'kupita kumsana wa m'munsi. Pamenepo minofu ya pamimba yagonja n'kutalika, moti mbali ya katundu yasamukira pa mfundo ndi mitsempha yomanga mafupa a msana. Wotchi ingapitirize kuwerenga, koma pulanki ya munthuyu inathera pamene mpata unayamba kukula, ndipo ineyo ndimaona kuti masekondi owonjezerawo alibe phindu lililonse.

Ena akatopa sagwetsa chiuno, amachikweza m'mwamba. Izi sizipweteka msana, koma zimachepetsa ntchito ya pamimba chifukwa mapazi ndi zigongono zimayandikirana ndipo katundu wambiri amapita pamapewa. Mfundo yomweyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito pofewetsa kapena kulimbitsa pulanki. Mtunda wa pakati pa zochirikiza ukafupika, monga munthu akagwada pa mawondo m'malo moima pa zala, mphamvu yopinda thupi imachepa, ndipo munthu wathu uja akhoza kusunga ndodo pamalo ake atatu kwa nthawi yotalikirapo. Akasuntha zigongono kupita kutsogolo kwa mapewa masentimita ochepa chabe, mtundawo umatalika ndipo mimba imalemedwa kwambiri ngakhale kuti kulemera kwa thupi sikunasinthe.

Kupuma nakonso kumafunika kukusamala, chifukwa anthu ambiri akamalimbitsa mimba amabanika osadziwa. Ntchito ya aisometiriki imakweza kuthamanga kwa magazi pa nthawi imene ikuchitika, ndipo kugwira mpweya kumawonjezera kukwerako. Munthu ayenera kupuma pang'onopang'ono mimba ili yolimba, ndipo ngati sangathe kutchula mawu angapo ali pa pulanki, ndiye kuti akugwira mpweya kapena wasankha mtundu womulemera. Amene ali ndi vuto la mtima, kuthamanga kwa magazi kosalamulirika, kapena chophukacho, ayambe afunsa dokotala asanayese.