Zomwe munachita pa shifiti ndikuzidziwa kale

Anamwino anzanga ochokera kumudzi amandibweretsera nkhani zawo zopereka ku NMC, bungwe loyang'anira anamwino, kuti tikambirane asanakonzetse chiphaso chawo kuno ku Britain. Ndatopa kuwerenga zomwezomwezo: "Ndinapereka mankhwala, ndinayeza odwala, ndinalemba lipoti." Achemwali, imeneyo ndi ntchito yomwe amakulipirani pakutha pa mwezi. Palibe akukayika kuti mumaigwira.

NMC imafuna nkhani zisanu pa zaka zitatu, ndipo fomu yake imafunsa zinthu zinayi: chinachitika n'chiyani, munaphunzirapo chiyani, munasintha chiyani pa kagwiridwe kanu ka ntchito, ndipo zikugwirizana bwanji ndi malamulo a unamwino. Ambiri amadzaza funso loyamba mpaka pepala kutha, lachitatu n'kungoikapo kamzere kamodzi.

Pali nkhani ina yomwe imandivutabe. Namwino wina waluso anatulutsa m'chipatala agogo omwe anali atangoyamba kudzibaya insulini. Anawafotokozera zonse madzulo, galimoto ikudikira panja, n'kuwafunsa ngati amva. Agogowo anagwedeza mutu. Patatha masiku anayi anabwerera shuga atatsikiratu, chifukwa ankabaya insulini ya pa chakudya ngakhale tsiku lomwe sanadye. Namwinoyo analemba kuti, "Ndinaphunzira kufunika kolankhulana bwino ndi odwala." Basi! Mawu amenewo akhoza kulembedwa ndi munthu yemwe sanapondeko m'wodi.

Nditamufunsafunsa ndi pomwe zenizeni zinatuluka. Anazindikira kuti ankatenga kugwedeza mutu ngati umboni woti munthu wamva, pomwe nthawi zambiri ndi ulemu chabe kapena kutopa. Masiku ano amaphunzitsa za insulini dzulo lake, osati pa khomo. Amapereka chobayira insulini m'manja mwa wodwalayo kuti amuonetse mmene angabayire, kenako amafunsa kuti, "Mukadzuka osafuna kudya, muchita bwanji?" Wodwala wina atayankha molakwa, anayambiranso kufotokoza pomwepo. Zimenezi ndiye zofunika kulemba: zomwe ndinkaganiza, chomwe chinandionetsa kuti ndalakwa, zomwe ndimachita tsopano, ndi mmene ndinadziwira kuti zikuthandiza. Nkhaniyi imagwa yokha pa gawo la kuteteza odwala m'malamulo a unamwino. Dzina la agogowo, wodi ndi tsiku, zisiyeni. Ngakhale matenda osowa okha akhoza kuulula munthu.

Chomwe chimaononga anthu ndi kuchedwa. Mukadikira sabata yomaliza, mudzangokumbukira kuti kunali piringupiringu, ndipo mudzabwerera ku mndandanda wa ntchito uja. Pamenepo ndi pomwe amakupezani aja otsatsa pa foni kuti amalembera anthu nkhani zisanu pa mtengo wochepa. Musayerekeze. Nkhanizo muyenera kuzikambirana ndi namwino wina wolembetsedwa ku NMC, ndipo ine ndikangofunsa kuti, "Nanga wodwalayo anayankha chiyani?", wogula nkhani amayang'ana pansi. Fomu yake sindisayina. Kupereka nkhani yabodza ndi mlandu wa chinyengo, ndipo ungakulanditseni chiphaso.